Magalasi a pulogiresivu akundipatsa chizungulire, kodi ndikawabweze?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji abale anga pagulu pano. Ndithandizeni nzeru chonde. Loweruka ndinakatenga magalasi atsopano mutauni, aja amati pulogiresivu, oti galasi limodzi uonere patali komanso uwerengere, opanda kamzere pakati. Ndili ndi zaka 52 ndipo aka nkoyamba kuvala magalasi tsiku lonse, m'mbuyomu ndimangogula owerengera aja a panjira ndikumavala ndikakhala pa makina osokera basi. Lero akwana masiku anayi ndikuwavala koma abale mutu sukundipatsa mtendere. Ndikatembenuka makoma amakhala ngati akupindika, pansi pamakhala ngati pakukwera kubwera kwa ine, dzulo potsika kombi pa Copacabana phazi ndinaliponda m'malere mpaka hwindi anachita kundigwira mkono. Madzulo nseru ndithu, nsima sindinaimalize. Ndalama ndinalipira yambiri ndiye mtima ukundiwawa, kodi andipatsa olakwika kapena ndi mmene amakhalira?

Anaphiri a ku Dzivarasekwa: pepani amayi. ndi aja amada ukatuluka padzuwa eti? anga nawonso ndikalowa m'nyumba ndimakhala kaye mumdima mphindi zingapo, mudzazolowera

Mayi a Tadala: Ayi achemwali si amenewo, anga sasintha mtundu. Awa kumtunda ndi kwa patali kumunsi ndi kowerengera

Ankolo Gama: Mlongo wanga amenewo akupatsani amphamvu kwambiri. Galasi likamakoka mutu ndiye kuti likulimbana ndi maso, mukalimbikira muononga maso zenizeni. Zinthu zatsopanozi amangoyesera pa ife. Bwezani akupatseni a kamzere aja, bambo athu anavala amenewo mpaka kumwalira osadandaula

Abambo Mbewe (Highfield): Pepani mayi a Tadala. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kuyeza ndi kukhazika magalasi m'mafelemu, ndiye ndiyankhepo pang'ono. Choyamba achimwene a Gama, magalasi amenewa si atsopano ayi, anayamba kugulitsidwa mu 1959 ku France, anawapanga ndi injiniya wina dzina lake Bernard Maitenaz. Ndipo galasi ngakhale litalakwika mphamvu, munthu wamkulu silingamuonongere maso, limangomutopetsa ndi kumupweteketsa mutu. Koma pena mwanena zoona, n'zotheka kuti china chake chalakwika, nchifukwa chake tisathamangire kunena kuti angopirira. Mayi, pa kapepala anakupatsani kaja palembedwa chani? Makamaka pomwe pali mawu oti ADD, ndiyo mphamvu yowerengera yomwe amawonjezera kumunsi kwa galasi

Mayi a Tadala: Ndakapeza. Diso lamanja SPH +0.75, lamanzere SPH +1.00 ndiye pali CYL -0.50 AXIS 90. ADD +2.00 onse awiri

Abambo Mbewe (Highfield): Zikomo, tsopano ndaona pomwe payambira nkhani. Mwayamba pulogiresivu ADD itafika kale pa +2.00. Amene amayamba ali ndi zaka 43 kapena 45 amayamba ndi +1.00 kapena +1.25, chizungulire chake chimakhala chochepa, ndiye amakwera pang'onopang'ono ndi zaka. Inu mwalumphira pakati penipeni, komanso simunavalepo magalasi oyenda nawo. Si mlandu ayi, ambiri amatero, kungoti masiku oyamba amalemera.

Poti ndinu atelala ndifotokoze chonchi. Mukamalumikiza nsalu yotakata ndi lamba wopapatiza wa siketi, nsalu yotsalayo simungaitaye, imayenera kupita penapake, imasanduka makwinya. Galasi ilinso chimodzimodzi. Kumtunda kuli mphamvu +0.75, kumunsi kuli +2.75, ndiye kuti mphamvu ikwere kuchoka apo kufika apo popanda kamzere, galasi limapindika pang'onopang'ono kutsika pakati, ndipo makwinya ake amawakankhira m'mbali, kumunsi chakumanja ndi chakumanzere. Pakati pamatsala kanjira kopapatiza koona bwino. Palibe kampani yomwe inathetsa makwinya amenewo, odula amangowasalaza ndi kuwakankhira kutali, koma alipo ndithu. ADD ikakula makwinya amakulanso ndipo kanjira kamachepa. Ndiye mukatembenuza mutu, khoma limadutsa pamalo abwino kenako pamakwinya kenako pabwino, nchifukwa chake likuoneka ngati likupindika

Yamikani: koma ankolo Mbewe kuona zopindika ndi nseru zikugwirizana bwanji? nseru si ya m'mimba?

Sisita Chikondi: Yami, imeneyo ndiyankhe ine. Mkati mwa khutu muli tinjira ta madzi timene timamva mutu ukatembenuka. Mutu ukapita kumanja, khutu limauza maso kuti apite kumanzere mlingo womwewo, nchifukwa chake ukamayenda dziko siligwedera. Amayiwa ubongo wao wakhala ukugwira ndi mlingo umodzi zaka 52. Tsopano galasi la + limakuza zinthu, ndipo kumunsi likukuza kwambiri kuposa kumtunda, ndiye akatembenuka zinthu zikusuntha kuposa mmene khutu lanenera, zapansi liwiro lina zam'mwamba liwiro lina. Maso akunena china khutu likunena china. Ndi zomwe zija zimachitika ukamawerenga foni mu basi ya ku Blantyre musanafike ndi pa Nyamapanda pomwe, m'mimba mulibe vuto koma nseru tho. Ubwino wake ubongo umaphunzira mlingo watsopano ukaupatsa nthawi

Mayi a Tadala: Eee sisita mwalasa, ndi nseru yomweyo ya m'basi. Nanga zoti pansi pakubwera kwa ine?

Abambo Mbewe (Highfield): Imeneyo ndi yosavuta. Mukamayang'ana pansi mwazolowera kungotsitsa maso mutu uli chilili. Tsopano mukatero maso akugwera pa chigawo chowerengera. ADD ya +2.00 inapangidwira zinthu zili pa theka la mita, masentimita 50, pomwe mapazi anu ali pafupifupi mita ndi theka kuchoka kumaso. Ndiye sitepe ya kombi mukuiona mwachimbuuzi, yokula, komanso yosuntha pang'ono pomwe ili zenizeni, phazi n'kuponda pomwe palibe kanthu. Mankhwala ake ndi chibwano. Potsika kombi, pa masitepe, podumpha ngalande, gwetsani chibwano chiyandikire pachifuwa kuti muone pansi kudzera kumtunda kwa galasi, ndipo gwirani chitsulo. Chinanso, chomwe mukufuna kuona chilozeni ndi mphuno, osachiyang'ana cham'mbali ndi maso okha. Poyamba zimakhala ngati ntchito, pakapita masiku khosi limangochita lokha

Che Mussa wa ku Mbare: Ine anga ndinawavala mwezi wathunthu sindinazolowere. Ndimagulitsa pa Musika, maso amayenera kukhala uku ndi uku, kasitomala uyu, katundu apo, ndalama m'manja, ndiye zoti ndiziloza chilichonse ndi mphuno zinandikanika. Ndinabwerera ku magalasi awiri, a patali ndi owerengera pa chingwe m'khosi, ndipo ndili pa mtendere. Musamauze anthu kuti aliyense amazolowera

Abambo Mbewe (Highfield): Zoona Che Mussa, sindingatsutse. Ambiri amakhazikika pakati pa masiku ochepa ndi masabata awiri, ena mpaka mwezi, koma alipo ena safika, makamaka amene amachita nseru msanga m'galimoto kapena maso awiri akasiyana mphamvu kwambiri. Kungoti ndisananene kuti munthu walephera ndimafuna ndione kaye ngati galasi linakhala pamalo pake, chifukwa ambiri obwera akudandaula ndimapeza vuto lili pa felemu osati pa munthu

Ankolo Gama: Ndiye mfundo yanga ija. Koma ngati asankha kupirira avale osavula, m'mawa mpaka usiku, ngakhale poyendetsa galimoto, ukavula kamodzi umayambiranso pa ziro. Mnzanga wa kutchalitchi anauzidwa choncho

Sisita Chikondi: Ankolo poyendetsa galimoto ayi chonde, munthu amene akuponda m'malere potsika kombi asagwire chiwongolero kaye mpaka mutu ukhazikike. Kuvala kuyambira m'mawa ndi bwino inde, maso asanatope, koma nseru ikakula palibe cholakwika kukhala pansi n'kuvula mphindi 15. Ubongo suiwala zonse chifukwa cha kupuma pang'ono.

Mayi a Tadala ndili ndi funso lofunika kuposa zonsezi. Mukavula magalasi chizungulire chimatha? Ndipo bipi ndi shuga munayezetsa liti?

Mayi a Tadala: Ndikavula n'kukhala pansi pakapita kanthawi chimatha, usiku pogona ndilibe vuto. Bipi ndimamwa mankhwala, mwezi watha inali bwino. Shuga ndilibe, anandiyeza chaka chino

Sisita Chikondi: Chabwino ndiye zikuloza ku magalasi. Ndafunsa chifukwa msinkhu wovala magalasi amenewa ndi womwewonso wa bipi ndi shuga, ndiye munthu amatha kunamizira galasi pomwe ndi matenda. Kwa aliyense akuwerenga pano, chizungulire chikamapitirira mutavula, kapena nyumba ikuzungulira mukatembenuka pabedi, kapena mukuona zinthu ziwiriziwiri, pitani kuchipatala osati ku shopu ya magalasi. Kukamwa kukapotoka, lilime kulemera, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, musadikire kuti kuche, thamangani nthawi yomweyo. Komanso a shuga, ikakwera kwambiri imasintha mphamvu ya diso, mukayezetsa maso nthawi imeneyo magalasi ake amadzakhala olakwika shuga ikatsika

Abambo Mbewe (Highfield): Mayi tiyeni tiwayese mawa kukacha. Valani mmene mumavalira, imani pakhomo, mutu uli mmene mumakhalira poyenda, muyang'ane chinthu cholembedwa chili patali, nambala ya galimoto kapena chikwangwani kutsidya kwa msewu. Kenako gwetsani chibwano pang'onopang'ono muone ngati zilembo zikuwala kuposa poyamba. Muchite diso limodzi limodzi, linalo mutaphimba ndi dzanja. Mukatha tengani foni pa mtunda womwe mumawerengera muone ngati mukuchita kukweza chibwano kwambiri kuti muwerenge. Mudzatiuze

Yamikani: poti tili pa nkhaniyi, adadi anga ndikufuna ndiwaitanitsire pa intaneti, mtengo wake ndi wotsika kwambiri, pepala la dokotala tili nalo. zingatheke?

Abambo Mbewe (Highfield): Owerengera okha zingatheke mwana wanga, koma pulogiresivu sindikulimbikitsa. Pepala la dokotala limanena mphamvu basi. Galasi ili limafunanso miyeso iwiri yomwe imatengedwa munthu atavala felemu yomweyo, kuchoka pakati pa mphuno kufika pa mwana wa diso, diso lililonse palokha chifukwa nkhope zathu sizofanana mbali ziwiri, komanso kuchoka pansi pa felemu kufika pa mwana wa diso. Kanjira kaja nkopapatiza, mamilimita 2 okha akaphonya diso limodzi limakhala likuyenda m'makwinya tsiku lonse. Ndipo musawasankhire felemu yaifupi kwambiri kuchoka pamwamba kufika pansi, malo owerengera amadulidwa

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Abambo Mbewe ndayesa. Pa geti ya aneba kutsidya pali nambala ya nyumba, nditaima bwinobwino ikuoneka koma ngati pali utsi pang'ono, ndikagwetsa chibwano pang'ono ikuwala mbee. Maso onse awiri chimodzimodzi. Ndazindikiranso kuti masiku onsewa ndakhala ndikuyenda chozolika osadziwa, nchifukwa chake khosi kumbuyoku likuwawa. Kuwerenga foni kulibe vuto, sindikukweza mutu olo pang'ono

Abambo Mbewe (Highfield): Ndi zomwe ndimaganiza. Magalasi anu akhala m'mwamba. Mukayang'ana kutsogolo diso silili pa chigawo cha patali, lalowa kale m'kanjira momwe mphamvu yayamba kukwera, ndiye patali pali utsi, malo oona bwino achepa, makwinya a m'mbali ali pafupi ndi diso kuposa mmene anayenera kukhalira. Chizungulire cha masiku oyamba chilipo inde koma ichi chikuwonjezera. Akanakhala kuti atsika kwambiri bwenzi patali pali bwino koma powerenga mukuchita kuloza chibwano kudenga. Tsiku lomwe ankakuyezani anadontheza kadontho ka inki pa galasi mutavala felemu? Ndipo felemu yake ndi yachitsulo yokhala ndi timapazi tiwiri pamphuno kapena ya pulasitiki?

Mayi a Tadala: Anadontheza inde, koma tsiku limenelo felemu inali yokhwepa imatsetsereka pamphuno, mtsikanayo anati tidzamanga magalasi akabwera. Loweruka ndi pomwe anaipinda kumakutu n'kufinya timapazi tija, inakhala gwa. Ndi yachitsulo

Abambo Mbewe (Highfield): Basi nkhani ndi imeneyo. Anayeza felemu ili pansi, kenako anaikweza. Felemu imayenera kukonzedwa kaye ikhale mmene idzakhalire, kuyeza kumabwera pambuyo. Mwayi wanu ndi woti ndi yachitsulo, timapazi tija akatitanula pang'ono magalasi amatsika mamilimita 2 kapena 3 osadula galasi lina. Musapinde nokha kunyumba. Bwererani komwe munagula muwauze chimodzimodzi mmene mwatiuzira pano, kuti patali pakuwala pokhapokha ndikagwetsa chibwano. Muwapemphe abwezeretse zizindikiro. Pa galasi lililonse la pulogiresivu pali tizizindikiro tiwiri tosaoneka bwino, totalikirana mamilimita 34, mukalipendeka pa kuwala mutiona, ndipo pansi pa ka mbali ya kukhutu pamalembedwa ADD, kwa inu payenera kukhala 20 kapena 200. Kuchokera pa timeneto amajambulanso kamtanda komwe kamayenera kukhala pa mwana wa diso ndendende inu mutaima mukuyang'ana patali. Aonenso kuti felemu yapendekera pang'ono chakumasaya ndipo siili kutali ndi maso, ikatalikira kanjira kamaoneka kochepa ngati ukusuzumira pa kabowo ka kiyi uli patali. Mufunsenso kuti amalola masiku angati kusintha galasi ngati zakanika, ambiri amakhala ndi nthawi yotere koma imasiyana, musaidutsitse

Anaphiri a ku Dzivarasekwa: ine ndapendeka anga sindikuona kalikonse

Yamikani: anti anu aja si pulogiresivu, ndi ongoda padzuwa

Mayi a Tadala: Ndapita lero abale. Anajambula timitanda tija ndipo ine ndemwe ndinaona pa kalilole kuti tili pamwamba pa mwana wa diso, anati mamilimita 3. Atanula timapazi, sizinatenge ndi mphindi 10 zomwe, sanandilipiritse. Potuluka ndimawerenga zikwangwani za makombi mutu uli chilili, ndinachita kuima kaye pa khonde la shopu kumangoyang'ana msewu. Kupindika kwa m'mbali kukadalipo ndikatembenuka msanga, ndipo masitepe ndatsika nditagwira chitsulo chibwano pansi, koma nseru lero sinabwere. Zikomo abambo Mbewe, zikomo sisita, Mulungu akudalitseni

Ankolo Gama: Ndinanena ine kuti china chake chalakwika. Tathokoza kuti zayenda mlongo

Mayi a Tadala: Munanena ndithu achimwene. Koma ndabweranso ndi lina, lero ndi tsiku la 12. Kuyenda kuli bwino, kombi ndikutsika ndekha, chizungulire chimangobwera pang'ono madzulo ndikatopa. Vuto ndi pa ntchito. Kulowetsa ulusi pa singano ndikutha, koma ndikayala nsalu pa tebulo kuti ndidule, pakati pokha ndi pomwe pakuoneka bwino, mzere wa choko kumapeto ukuoneka wokhota pomwe ndaujambula ndi rula. Dzulo ndinatsala pang'ono kuononga chitenje cha kasitomala. Ndabwerera ku akale aja a +2.50 podula, kodi ndikudzibwezera m'mbuyo?

Ankolo Gama: Akalewo atayeni, mukusokoneza ubongo

Che Mussa wa ku Mbare: Asataye ayi, nsalu ya munthu ikaonongeka alipira ndani? Ndi zomwe ndimanena zija, pa ntchito ya manja galasi limeneli ndi lopapatiza

Abambo Mbewe (Highfield): Apa anzanga a ntchito timasiyana maganizo. Ena amati masabata awiri oyamba akale abisidwe ndithu. Ine ndimati chomwe chimachedwetsa ndi kuyenda uku ukusinthasintha magalasi, koma kuvala owerengera utaima malo amodzi pa tebulo lodulira kenako n'kubwerera ku atsopano ukamachoka, sindinaone kuti kumabweza munthu m'mbuyo kwenikweni. Ndipo kukhota kwa mzere kumapeto kwa tebulo mwina kuchepa koma sikudzatheratu, ndi makwinya aja, tebulo lodulira ndi lotakata kuposa kanjira. Chomwe sindikukonda ndi a panjirawo, maso anu ndi osiyana, lamanzere lili ndi CYL, mphamvu yokonzera diso losabulungira bwino, pomwe iwo mphamvu ndi imodzi mbali zonse. Tengani tepi yanu yoyezera muyeze kuchoka pa diso kufika pa singano ya makina, komanso kufika pakati pa tebulo mutaima mmene mumadulira. Manambala awiriwo mupite nawo, akhoza kukudulirani galasi la mphamvu imodzi la mtunda umenewo, limakhala lotchipa ndipo lonse limaona bwino mpaka m'mbali. Aliponso ena a pulogiresivu opangidwira ntchito ya pafupi, otakata pakati ndi kumunsi, koma amenewo simungayende nawo mumsewu ndipo ndi ndalama ina

Mayi a Tadala: Ndayeza, pa singano ndi masentimita 38, pa tebulo 65. Ndiye galasi limodzi lingakwane ziwirizi?

Abambo Mbewe (Highfield): Zatalikirana ndithu, la mphamvu imodzi likakomera singano tebulo lichita utsi. Poti singano mukuitha kale ndi atsopanowa, ine ndingadulire tebulo, ADD yake ingakhale cha m'ma +1.50 pamwamba pa mphamvu yanu ya patali, koma akakuyeseni ndi magalasi oyesera aja mutagwira nsalu pa 65 musanalipire. Mutenge kachidutswa kojambula mzere wa choko popita

Sisita Chikondi: Ndipo cha madzulo chija mudzatiuze ngati chikadalipo mwezi ukatha